Kuchuna kuda, kuyera ndi mtundu wa kuyerako pa TV ndi maso anu okha

Funso: Ndinagula TV ya LED ya mainchesi 43 chaka chatha. Mpira umaoneka bwino, koma filimu ikafika pa zochitika za usiku ndimangoona mdima bii, nkhope za anthu osaziona. Brightness ndinaitsitsa kuchoka pa 50 kufika pa 35 chifukwa malo akuda ankaoneka otuwa. Contrast ili pa 100, ndipo TV ili pa Vivid monga inachokera kusitolo. Ndikalumikiza laputopu zimasinthanso, chithunzi chimangoti mbuu. Ndamva kuti pali zithunzi zoyesera zomwe munthu angachunire TV yekha. Kodi zimathekadi popanda makina a akatswiri? Ndine wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Zimatheka, achimwene, koma osati zonse mofanana. Diso la munthu limachita bwino kwambiri likafunsidwa kuti kamzere aka kakuoneka kapena ayi. Likafunsidwa kuti kuyera uku n'koyeradi kapena kwapendekera ku buluu, limasokonezeka, chifukwa limazolowera msanga chilichonse chimene laikiridwa. Choncho kuda ndi kuyera mudzazipeza molondola, pafupifupi ngati munthu wa makina. Mtundu wa kuyerako mudzangouyandikira, ndipo ndikuuzani pomwe muyenera kulekezera.

Tiyambe ndi manambala awiri, chifukwa ntchito yonse yagona pamenepo. Kanema wa masiku ano amalemba kuwala kwa kadontho kalikonse ndi nambala yochokera pa 0 kufika pa 255. Koma opanga mafilimu ndi nyumba zoulutsira sagwiritsa ntchito manambala onsewo. Anagwirizana kuti kuda kwenikweni kukhale pa 16, kuyera kwenikweni pa 235. Zapansi pa 16 si zoti muzione. Zoyambira pa 17 kukwera m'mwamba ndi chithunzi: makwinya a jekete lakuda, tsitsi, mthunzi wa pansi pa chipewa, nkhope ya munthu wakuda ataima panja usiku. Kuchuna kuda n'kuonetsetsa kuti TV ikuzimitsa pa 16 ndendende, osati pa 10, osati pa 24.

Batani la Brightness ndi limene limasuntha malire amenewa. Silichulutsa kuwala kwa nyali ya TV monga dzina lake limanenera. Mutalitsitsa kufika pa 35 munauza TV kuti manambala onse a m'munsi, mwina mpaka m'ma 20 kapena kupitirira, iwasandutse kuda kumodzi. Nkhope zija zinamira pamenepo. Ndipo kutuwa komwe munkathamangitsa sikunachoke, eti? Sikukanachoka, chifukwa gwero lake ndi lina. TV ya LED ili ndi nyali kuseri kwa galasi, ndipo galasilo silitha kutsekereza kuwala konse, kwina kumadutsabe. Kutuwa kotero kumachepa mukatsitsa Backlight, yomwe ndi nyaliyo. Pa Vivid nthawi zambiri nyali imakhala pamapeto penipeni, chifukwa Vivid anaipangira m'sitolo momwe muli magetsi owala ndi ma TV ambiri opikisana.

Chenjerani ndi mayina a pa menyu, amasiyana. Pa ma TV ambiri Brightness ndi kuda, Contrast ndi kuyera, Backlight ndi nyali. Koma pa ma Sony a masiku ano nyali imatchedwa Brightness, ndipo kuda kuli pa Black level. Pa ma Samsung atsopano nyali imatchedwanso Brightness, kuda kuli pa Shadow Detail. Kuti mudziwe za TV yanu, kwezani batanilo mukuyang'ana malo akuda ndi oyera. Ngati malo akuda okha ndi amene akutuwa kwambiri, limenelo ndi la kuda. Ngati sikirini yonse ikuwala limodzi ngati mwakweza nyale, limenelo ndi la nyali. M'munsimu ndikamati Brightness ndikutanthauza la kuda.

Musanayambe

Zithunzi zoyesera zimene ndimakhulupirira, zaulere, ndi gulu lotchedwa AVS HD 709. Tengani mtundu wake wa MP4, muike pa fulashi, mulowetse pa USB ya TV. M'foda ya Basic Settings muli tiwiri timene tikufuna: Black Clipping ndi White Clipping, komanso APL Clipping yomwe tidzatsimikizire nayo. Muzitenga mafayilo enieniwo. Chithunzi chimene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp, kapena chojambula pa sikirini, chadutsa m'makina ochepetsa fayilo, ndipo timizere tosiyana ndi nambala imodzi ndi timene timayamba kuwonongeka. Za pa YouTube zina n'zabwino, zina anaziika molakwika, ndipo mulibe njira yozisiyanitsira.

Ngati bandulo ndi yochepa koma pa laputopu muli ffmpeg, pulogalamu yopangira ndi kusinthira mafayilo a kanema, mutha kupanga nokha chithunzi cha mizere yamitundu chomwe nyumba zoulutsira zimagwiritsa ntchito:

```
ffmpeg -f lavfi -i smptehdbars=size=1920x1080:rate=25 -t 180 -pix_fmt yuv420p mizere.mp4
```

M'munsi mwake, chakumanja, muli timizere titatu tobisika m'malo akuda. Timeneti ndi PLUGE, njira yomwe inachokera ku BBC kalekale: kamodzi kali pansi pa kuda ndi magawo 2 pa 100, kena pamwamba ndi magawo 2, kena ndi magawo 4. M'manambala athu aja ndi pafupifupi 12, 20 ndi 25. Koyambako kasaoneke, tiwiri tinato tioneke. Si kosalala ngati AVS HD 709, koma ntchito imagwirika.

Tsopano chotsani TV pa Vivid. Ikani pa Movie, Cinema kapena Filmmaker Mode ngati ilipo, yomwe inayamba kupezeka pa ma TV mu 2020. Chithunzi chidzaoneka chochepa mphamvu komanso chachikasu. Chisiyeni choncho kaye. Kenaka zimitsani chilichonse chimene chimasintha chithunzi chokha: Dynamic Contrast, Contrast Enhancer, Black Tone, Adaptive Contrast, Eco Sensor, Energy Saving, ndi zonga izo. Mukazisiya, inu mukamatsitsa TV imakweza, ndipo mudzathera usiku wonse mukuthamangitsana nayo. Bwezerani Brightness pa 50. Siyani TV iyake kwa mphindi 20 kapena 30 kuti nyali ikhazikike.

Chitani zimenezi nthawi imene mumaonera mafilimu, ndi magetsi a m'chipinda momwe amakhalira nthawi imeneyo, mutakhala pampando wanu wa masiku onse moyang'anizana ndi sikirini. Galasi la LED limatuwa mukaliyang'ana cham'mbali kapena mutaimirira, ndiye amene wachuna ataima pafupi ndi TV amapeza nambala yolakwika.

Nyali ichuneni poyamba. Ikani chithunzi chowala, ngati bwalo la mpira masana, n'kutsitsa Backlight mpaka maso asiye kutsinzina koma chithunzi chikhalebe ndi moyo. Opanga mafilimu amawakonza pa sikirini yomwe kuyera kwake n'kuwala kwa makandela 100 pa sikweya mita, m'chipinda cha chizimezime. Inu mulibe choyezera, komanso pabalaza si situdiyo, ndiye apa maso ndiwo alamule. Usiku ma TV ambiri amakwanira nyali ili cha pakati kapena kutsika apo. Phindu lina, timababu ta kuseri timene timayaka pamapeto tsiku ndi tsiku timatentha n'kufa msanga, ndipo okonza ma TV amakumana nato kawirikawiri. Amene ali pa sola adzaonanso batire ikukhalitsako.

Kuda

Tsegulani Black Clipping. Mudzaona sikirini yakuda yokhala ndi timizere toimirira tolembedwa manambala, tikuphethira. Pa 16 pali chizindikiro choti apa ndiye pakuda penipeni. Musayambe n'kutsitsa. Yambani n'kukweza Brightness dala, mpaka muone timizere tambiri tikuphethira, kuphatikizapo tapansi pa 16, sikirini yonse itatuwa. Mukatero maso adziwa chimene akufunafuna ndi pomwe chili. Tsopano tsitsani kamodzikamodzi, mukupuma pang'ono pakati, chifukwa menyu ya TV imawala ndipo imachititsa khungu. Pa ma TV ena pamafunika kudikira kuti menyu ichoke musanaweruze.

Timizere ta manambala aang'ono tiyamba kuzimirira, 10, 12, 14. Cholinga n'choti 16 ndi zonse zapansi pake zisungunuke m'mdima, 17 izingooneka movutikira, ndipo 18 mpaka 25 zizioneka bwino. Mukafika poti 17 yasowa, bwererani kamodzi m'mwamba. Nambala yanu ndi imeneyo.

Tiyerekeze mmene zingayendere pa TV ngati yanuyo. Pa 35 mukuona 24 ndi 25 zokha, kapena osaona kanthu. Pa 60 zonse zikuphethira, kuda kwasanduka phulusa. Mukutsika: pa 53 mukuonabe 14 ndi 15, pa 51 kwatsala 16 yokha ikuphethira pang'ono, pa 50 yazima ndipo 17 ikuoneka mukayang'anitsitsa, pa 49 nayo 17 yapita. Ndiye kuti 50. Musadabwe ngati mwabwerera pa nambala ya kufakitale kapena pafupi nayo. Pa Movie ma TV ambiri amakhala atalondola kale, kusiyana kwake kamodzi kapena kawiri. Mukapezeka kuti mwafika pa 65 kapena pa 38 kuti timizere tikhale bwino, pali china chalakwika, ndipo tichipeza tikafika pa laputopu.

Nthawi zina TV imakana kupereka zonse ziwiri. Pa nambala ina 16 ikuphethira pang'onong'ono, mukatsitsa kamodzi 17 ndi 18 zikupita limodzi. Zikatero ine ndimasankha yapamwambayo. Kutuwa kwa sitepe imodzi simudzakuzindikira pa filimu, pomwe tsatanetsatane wa mumthunzi akatayika ndiye watayika. Ndipo m'chipinda chowala, ngati 17 sikuoneka koma 18 ndi 19 zikuoneka, musakweze mopitirira pofuna kuikakamiza. Kuwala kwa m'chipindamo n'kumene kukuiphimba.

Mukatha tsegulani APL Clipping. Iyi ili ndi timizere takuda pakati pa malo owala, monga zimakhalira pa chithunzi chenicheni. Pano diso silingaone 17, koma kuyambira cha pa 19 kapena 20 kukwera muziona. Ngati pa chithunzi choyamba zinali bwino koma pano zasowa zambiri, pali batani lina lodzisinthira lokha lomwe simunalizimitse.

Pakhoza kukhala kuti timizere tonse tili bwino, koma mafilimu a usiku akuonekabe olemera mdima pabalaza panu. Apa musabwererenso ku Brightness. Funani Gamma. Iyi siisuntha malire a kuda, imangosintha liwiro lomwe chithunzi chimatulukira mumdima. 2.4, kapena BT.1886, ndi ya chipinda chamdima. 2.2 imatsegula mithunzi ndipo imayenera pabalaza pomwe babu ili yoyaka. Kwa mabanja ambiri kwathu kuno, komwe TV imaoneredwa anthu akudya magetsi ali oyaka, 2.2 ndi imene ndimawaikira.

Kuyera

White Clipping ndi chimodzimodzi koma mbali inayo: sikirini yoyera mbee, timizere toyambira pa 230 kukwera. Contrast ikakwera mopitirira, manambala a m'mwamba onse amasanduka kuyera kumodzi, ndipo diresi la mkwatibwi limataya maluwa ake, mitambo imangokhala chigamba choyera. Tsitsani Contrast mpaka 230, 231, 232, 233 ndi 234 zonse zizioneka zikuphethira. Amenewo ndi malire osakambirana.

Zapamwamba pa 235 akatswiri amasiyana maganizo. Ena amafuna zioneke mpaka m'ma 250, ena amati zilibe ntchito. Ine ndimakonda kusiya timizere tingapo pamwamba pa 235 tikuoneka, chifukwa makamera a mpira ndi a nkhani nthawi zina amadumphako malire. Koma sinditsitsa Contrast kwambiri chifukwa cha zimenezo. Pali ma TV amene amadula pa 235 zivute zitani. Ngati mwatsitsa kakhumi ndipo palibe kamzere katsopano katuluka, yanu ndi yotero, bwererani pomwe 234 inkaoneka basi.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiyang'ana. Kuyera kwa TV kumapangidwa ndi timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu tikuyaka limodzi. Contrast ikamakwera, umodzi mwa mitundu itatuyi umafika pamapeto ake msanga kuposa inzake, ndipo timizere ta m'mwamba timayamba kuoneka tapinki, tachikasu kapena tabuluu m'malo motuwa pang'ono. Yang'anani 232 mpaka 234. Mukaona mtundu uliwonse mwa timeneti, tsitsanibe kamodzikamodzi mpaka uchoke, ngakhale timizere tonse tinali tikuoneka kale. Pa TV yathu yoyerekezera ija, pa 100 mwina mukuona 230 ndi 231 zokha. Pa 94 zonse zatuluka koma 233 ndi 234 n'zapinki. Pa 90 pinki wachoka. Nambala ndi 90, osati 94.

Ngati zonse zili bwino koma kuyera kukulasa m'maso, tsitsani Backlight, Contrast isiyeni. Kenaka bwererani ku Black Clipping, chifukwa pa ma TV ambiri kusuntha Contrast kumasunthako kuda pang'ono. Kubwereza kamodzi kumakwanira.

Laputopu ndi dikoda

Makompyuta satsatira 16 ndi 235. Kwa iwo kuda ndi 0, kuyera ndi 255. Njira ya kanema imatchedwa Limited, ya kompyuta Full. Chingwe cha HDMI chimanyamula iliyonse mwa ziwirizi, koma chotumiza ndi cholandira ziyenera kumvana. Laputopu ikatumiza Limited, TV n'kumayembekezera Full, kuda kwa 16 TV imakuwerenga ngati kutuwa, kuyera kwa 235 ngati kosafika. Chithunzi chimati mbuu, monga mwaoneramo. Zikatembenuka, laputopu Full koma TV Limited, mithunzi yonse imamira ndipo zoyera zimapsa. Ambiri amakonda mtundu wachiwiriwu poganiza kuti chithunzi chakhwima, osadziwa kuti chadulidwa mutu ndi miyendo.

Matenda amenewa sachizidwa ndi Brightness. Pa TV funani batani la HDMI Black Level, Black Level, Video Range kapena HDMI Dynamic Range. Pa Samsung, Low ndi Limited ndipo Normal ndi Full. Pa LG, Low ndi Limited ndipo High ndi Full. Pa laputopu lili m'pulogalamu ya khadi la zithunzi: Output dynamic range kwa NVIDIA, Quantization Range kwa Intel, Pixel Format kwa AMD. Auto nthawi zambiri imalondola, koma ikaphonya ikani mbali zonse ziwiri pamanja, Full ndi Full kapena Limited ndi Limited. Tsegulani Black Clipping pa laputopu kuti mutsimikize. Ndi Brightness yomwe munapeza pa USB, 17 mpaka 25 zizioneka, kumbuyo kuli bii. Musadandaule ngati pa laputopu zapansi pa 16 sizikutuluka ngakhale mutakweza bwanji. Kompyuta imakhala itazitaya kale potambasula kanema kuti akwane 0 mpaka 255, ndipo palibe cholakwika.

Dziwaninso kuti ma TV ambiri amasunga machunidwe padera pa khomo lililonse. Zomwe mwachita pa USB sizifika zokha pa HDMI 1. Funani Apply to All Inputs kapena Apply Picture Settings, apo ayi lembani manambala papepala n'kuwalowetsa pamanja, kuphatikizapo Movie ndi zozimitsa zija.

Dikoda ya DStv, GOtv kapena Kiliye Kiliye imatumiza Limited, ndipo simungaidyetse zithunzi zoyesera. Koma pali njira. Dikirani filimu yokhala ndi malamba akuda pamwamba ndi pansi. Malamba amenewo amakhala pa 16. Kwezani Brightness mpaka atuwe, n'kumatsitsa mpaka pomwe asiya kuderapo. Pamenepo payenera kugwirizana ndi nambala ya pa USB, kapena kusiyana kamodzi. Ngati pakusiyana kwambiri, khomo limenelo lili pa Full molakwika. Tchanelo chimodzi chikamaoneka chotuwa pomwe zina zili bwino, vuto lili kwa oulutsa, TV yanu isiyeni.

Mtundu wa kuyera

Apa ndi pomwe diso limayamba kutinamiza. Mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV amakonzedwa pa kuyera kumodzi komwe kumatchedwa D65, pafupifupi makelevini 6500 pa muyezo wa mtundu wa kuwala, momwe nambala ikamakwera kuwala kumapendekera ku buluu, kofanana ndi kuwala kwa masana kunja kukakhala mitambo. Muyezo wa kanema wa HD wotchedwa Rec. 709, wa mu 1990, unasankha kumeneku. Mitundu ina yonse imamangidwa pamwamba pa kuyera kumeneku, ndiye kukapendekera, khungu la anthu, udzu wa pabwalo ndi thambo zimapendekera nako.

Ma TV amabwera ali pa Cool kapena Standard, komwe kumakonda kukhala makelevini 9000 kapena kuposa, kuyera kothira buluu. Chifukwa chake n'chomwe chija amayi ankathira buluu potsukuluza malaya oyera a sukulu: kabuluu pang'ono kamachititsa diso kuona ngati chinthu chayera kwambiri. M'sitolo zimagulitsa. Kunyumba zimasandutsa khungu lakuda kukhala lotuwa ngati munthu sanadzole mafuta, milomo n'kuoneka yapepo.

Pitani pa Colour Temperature kapena Colour Tone. Pa ma TV ambiri oyandikira D65 ndi Warm2. Pa LG zatsopano ndi Warm 50, pa Sony ndi Expert 1, pa TV yongokhala ndi Cool, Normal ndi Warm sankhani Warm. Zimitsaninso Eye Comfort kapena chilichonse chochepetsa kuwala kwa buluu, chifukwa chimawonjezera chikasu pamwamba pa Warm.

Mukangosintha mudzati TV yawonongeka, zonse zasanduka zachikasu. Si TV, ndi maso amene akhala chaka chathunthu akuuzidwa kuti buluu ndiye kuyera. Musayerekeze posinthasintha Cool ndi Warm, chifukwa mukatero Warm imaluza nthawi zonse. Isiyeni masiku atatu kapena anayi osaikhudza, rimoti muisunge patali ndi ana. Kenaka bwererani pa Cool kwa mphindi imodzi. Ambiri amadabwa kuti ankaonera bwanji chinthu chabuluu chonchija.

Babu ya pabalaza nayo imalowerera. Pa katoni yake pamalembedwa 2700K, 3000K kapena 6500K, K akuimira makelevini aja. Pansi pa babu yachikasu ya 2700K, TV yolondola imaoneka yabuluu pang'ono. Pansi pa ya 6500K imaoneka momwe iliri. N'chifukwa chakenso kuika pepala loyera pafupi ndi sikirini sikuthandiza, pepala limangobweza mtundu wa babu yanu. Ngati mungathe, ikani kababu kofooka ka 6500K kuseri kwa TV kowalira kukhoma, khomalo likakhala loyera kapena lotuwa. Kamapatsa diso poyerekezera, komanso kamachititsa kuda kwa galasi la LED kuoneka kozama kuposa mumdima wa ndiweyani.

Chithunzi choyesera chimene chimathandiza pano ndi cha masitepe otuwa, kuchoka pa kuda mpaka pa kuyera. Mu AVS HD 709 chilimo. Simukufunsa ngati kutuwako kuli pa 6500, zimenezo diso silingayankhe. Mukufunsa ngati masitepe onse ali a mtundu umodzi. Diso limatha kuona kuti sitepe iyi yapendekera kobiriwira pomwe yoyandikana nayo yapendekera kofiira, chifukwa zili pamodzi. Ngati pa Warm2 masitepe onse akuoneka ofiirira kapena obiriwira moonekeratu ngakhale patapita masiku aja, yesani Warm1. Pa ma TV ena otchipa Warm imapitirira muyezo, ndipo Normal ndi imene imayandikira. Nkhani za madzulo zimathandiza kugamula: kolala yoyera ya wowerenga nkhani isakhale yabuluu kapena yakirimu, nkhope yake ikhale ya munthu amene mungakumane naye pamsewu.

M'menyu mudzapezamo White Balance, yokhala ndi 2 Point, mwinanso 10 Point kapena 20 Point. Mu 2 Point muli Gain kapena High ya mbali yowala, ndi Offset kapena Low ya mbali yakuda, iliyonse ndi R, G ndi B, kutanthauza kufiira, kubiriwira ndi buluu. Apa ndiye malire anga ndi anu. Mabatani amenewa anapangidwira kachipangizo koyezera mtundu komwe kamaikidwa pagalasi. Ndi maso, chokhacho chimene ndingalole n'ichi: ngati masitepe akuda okha apendekera moonekeratu ku mtundu umodzi, tinene kufiira, pomwe owala ali bwino, lembani kaye manambala onse papepala, n'kutsitsa R ya Offset kamodzi kapena kawiri, osapitirira. G musaikhudze, chifukwa ndiyo imanyamula gawo lalikulu la kuwala ndipo imasokoneza zonse zomwe mwachuna kale. Mukatero onaninso Black Clipping. Manambala a White Balance amene ena amalemba pa intaneti musawakopere, ngakhale TV ikhale yofanana dzina ndi nambala, chifukwa galasi lililonse limatuluka m'fakitale ndi kupendekera kwakekwake. Menyu yobisika ya amisiri, yolowera ndi manambala a chinsinsi pa rimoti, italikireni. Mulibe batani lobwezera zinthu mwakale, ndipo TV imatha kutsala yosayaka.

Pali kupendekera kwina komwe si kwa menyu. Ngati sikirini ili ndi zigamba zabuluu kapena zapepo, kapena yonse yakhala ikusanduka yapepo pang'onopang'ono pa makomo onse, ndi timababu ta kuseri tatha. Timababu timeneti ndi tabuluu tokutidwa ndi mankhwala achikasu kuti titulutse kuyera, ndipo mankhwalawo akapsa buluu amatulukira. Imeneyo ndi ntchito ya wokonza ma TV, kusintha mizere ya timababu.

Zonsezi ndi za kanema wamba, wa dikoda, wa pa fulashi ndi zambiri za pa intaneti. TV yanu ikalandira HDR, kanema wotha kuwala kwambiri kuposa wamba, n'kulemba HDR pakona, imalowa m'machunidwe ena okhala ndi malamulo ena. Mmenemo sankhani Movie kapena Filmmaker Mode ndi Warm yomweyo, koma Brightness, Contrast ndi Backlight muzisiye momwe fakitale inaikira, ndipo zithunzi za AVS HD 709 musazigwiritse ntchito pamenepo.

Za mpira wa masana, makatani ali otsegula, musasokoneze zomwe mwachuna usiku. Tengani Standard ikhale yamasana: ikani Warm yomweyo, zimitsani zodzisinthira zija, chunani Brightness ndi Contrast ndi zithunzi zomwezo dzuwa lili kunja, Gamma pa 2.2, ndipo Backlight muikweze mmene mukufunira. Movie ikhale yausiku. Manambala a zonse ziwiri alembeni pakapepala n'kumata kuseri kwa TV, chifukwa tsiku lina wina adzadina Reset.